Bipi Yokana Kutsika: Zofunika Kufufuza M'bulu Wachinayi Usanabwere

M'buku la kuchipatala la mayi wina wa zaka 58 muli manambala atatu olembedwa ndi manja osiyana: 168/102 mu Januwale, 172/98 mu Epulo, 166/100 mu Julaye. Pansi pa nambala iliyonse alembapo mankhwala omwewo, mitundu itatu. Mayiwa ndi ongoyerekeza, koma aliyense wogwira ntchito pa kiliniki ya bipi ndi shuga anagwirapo buku lotere. Amagulitsa kaunjika pamsika, ndi ojintcha, mawondo amawavuta, ndipo tsiku lawo la kuchipatala saliphonya. Mchemwali wawo wamkulu anafa ziwalo mbali imodzi ndi sitiroko, choncho nkhani ya kuthamanga kwa magazi saitenga mwachibwana. Funso lawo kwa dokotala ndi lomveka: "Adokotala, mankhwala ndikumwa, nanga bwanji siikutsika?"

Vuto lotere madokotala analipatsa malire ake. Bipi imatchedwa yokana mankhwala ngati ikukhalabe pa 140/90 kapena kupitirira pamene munthu akumwa mitundu itatu yosiyana, uliwonse pa mlingo wokwanira umene thupi lake lingapirire, ndipo umodzi mwa itatuyo ndi wokodzetsa. Itatu imene imadziwika kuti imagwirizana bwino ndi iyi: wofutukula mitsempha ya magazi monga amulodipini kapena nifedipini, wochepetsa mphamvu ya homoni yofinya mitsempha monga enalapurilo kapena losatani, ndi wokodzetsa amene pa kapepala ka ku famase amangolembapo HCTZ. Mayi athu akumwa amulodipini mamiligalamu 10, enalapurilo mamiligalamu 20 kawiri patsiku, ndi HCTZ mamiligalamu 25. Kungoyang'ana m'bukumo, malire onse akwana.

Koma dokotala wodziwa ntchito yake sathamangira kulemba mankhwala achinayi. Mwa anthu amene mabuku awo amaoneka chonchi, ambiri bipi yawo siinakane mankhwala ayi. Mwina nambalayo ndi yonama, mwina mankhwalawo sakufika m'mimba, mwinanso pali china chimene chikulimbana nawo. Kumuonjezera m'bulu munthu wotere kuli ndi ngozi yake: chizungulire, kugwa, kuonongeka kwa impso, ndi ndalama zopita pachabe.

Nambala ija inatuluka bwanji?

Tsiku la kiliniki mayiwa amadzuka kusanache, amamwa tiyi, amakwera kabaza, mtunda wotsala amayenda pansi mwandawala kuti akapeze malo pamzere. Amadikira maola awiri osapita kokataya madzi poopa kuti ena awadutsa. Akaitanidwa amakhala pa benchi lopanda chotsamira, mkono uli lende, lamba wa makina amumanga pamwamba pa juzi, ndipo makina akupopa iwo ali mkati moyankha mafunso. Chilichonse mwa zimenezi chimakweza nambala, ndipo zikaphatikizana zimatha kumusandutsa munthu wabwinobwino kukhala wodwala.

Kuyeza koyenera sikulira ndalama, kumalira nthawi. Munthu ayambe wataya madzi, ndipo kwa theka la ola asakhale atasuta fodya, kumwa khofi kapena kuthamanga. Akhale pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa. Mkono ukhale wovula, utagona patebulo molingana ndi mtima. Makina akamagwira ntchito pasakhale wolankhula, ngakhale woyezayo. Ayezedwe kawiri kapena katatu, kusiyanitsa mphindi imodzi, ndipo ulendo woyamba ayezedwe mikono yonse iwiri kuti mtsogolo muno azigwiritsa ntchito umene ukuonetsa nambala yokwererapo.

Zimenezi zinayesedwa, si mwambo chabe. Akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, anasindikiza kafukufuku mu 2024 woonetsa kuti mkono ukangoikidwa pantchafu nambala yapamwamba imakwera ndi pafupifupi 4, ndipo ukalendewera m'mbali imakwera ndi 6 kapena 7. Chaka cham'mbuyo mwake, 2023, anali ataonetsa china chachikulu koposa: kukula kwa lamba. Munthu wa mkono waukulu kwambiri, wopitirira masentimita 40 kuzungulira, akamangidwa lamba wamba wa anthu akuluakulu, nambala yapamwamba imanama ndi pafupifupi 20. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Lamba wamng'ono safinya mtsempha mofanana, ndiye makina amapopa mphweya wochuluka kuti atseke magazi, ndipo mphamvu yoonjezerayo amaiwerenga ngati bipi. Lamba wamkulu pa mkono wochepa amanamanso, koma motsitsa.

M'zipatala zambiri makina amakhala ndi lamba mmodzi yekha, ndipo amene amavulala ndi zimenezi ndi anthu onenepa, omwenso ndi amene amapezeka kwambiri pa kiliniki ya bipi. Tepi yoyezera ya telala ndi malamba a misinkhu itatu zingapulumutse anthu ambiri ku mankhwala amene sakuwafunikira. Makina nawonso amakalamba: a wotchi aja amasokonekera akagwa pansi, a mabatire amafuna mabatire amoyo, ndipo omanga pamfundo ya dzanja sadalirika ngati omanga kumtunda kwa chigongono.

Mkono wa mayi athu utayezedwa unapezeka ndi masentimita 42. Atapuma mphindi zisanu, atataya madzi, n'kumangidwa lamba wa msinkhu wawo, makina anaonetsa 154/94, kachiwiri 150/92. Yatsika ndithu poyerekeza ndi 166/100, koma ikadali pamwamba.

Palinso anthu amene bipi yawo imakwera akangoona yunifomu yoyera, pamene kunyumba ili bwinobwino. Ku Spain, mu 2011, madokotala anaunika anthu oposa 8,000 amene ankaoneka kuti bipi yawo yakana mankhwala, powamanga makina oyenda nawo usana ndi usiku kwa maola 24. Oposa mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka kuti kunja kwa chipatala bipi yawo inali yabwino. Makina a maola 24 ndi osowa kuno, koma kuyeza kunyumba kumagwira ntchito yofananako. Munthu amayeza kawiri m'mawa asanamwe mankhwala ndi kawiri madzulo, kwa masiku 7, n'kumalemba nambala iliyonse, yosangalatsa ndi yosasangalatsa yomwe. Za tsiku loyamba amazisiya, zotsalazo amaziphatikiza n'kugawa kuti apeze yapakatikati. Malire a kunyumba ndi otsikirapo: 135/85.

Mankhwala amene sakumwedwa

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu, ndipo ndi pofunika ulemu. Ku Frankfurt m'dziko la Germany, mu 2013, madokotala anapima mkodzo wa odwala 76 amene bipi yawo inkakanabe ngakhale anali atalemberedwa mitundu inayi kapena kuposerapo. Mwa iwo, 40 anapezeka kuti sakumwa mankhwala onse monga analembera, ndipo ena mwa 40 amenewa munalibiretu mankhwala a bipi m'thupi mwawo. Kumeneko n'kumene mankhwala sasowa pashelefu. Nanga kumene wodwala amauzidwa kuti mwezi uno mtundu wina watha, akagule yekha ku famase?

Funso lakuti "Kodi mukumwa mankhwala?" yankho lake ndi limodzi, chifukwa palibe amene amafuna kukalipiridwa pamaso pa anthu. Wofunsa mwanzeru amayamba wavomereza kuti kumwa mibulu tsiku lililonse kwa moyo wonse n'kovuta, kenako afunse kuti, "Mayi, sabata yathayi ndi masiku angati amene simunathe kumwa? Ndi uti umene umakuvutani kwambiri?" Amapemphanso kuti wodwala abwere ndi timapepala tonse ta mankhwala tili m'nyumba, n'kuwerenga mibulu yotsala poyerekeza ndi tsiku limene analandira.

Atafunsidwa chonchi, mayi athu anamasuka. M'bulu wokodzetsa samwa masiku a msika, chifukwa chimbudzi chili kutali, n'cholipira, ndipo alibe wowayang'anira katundu. Masiku a msika ndi anayi pasabata. Enalapurilo wamadzulo nthawi zambiri amamuiwala chifukwa amafika kunyumba atatopa. Si mwano, ndi moyo mmene ulili. Ena amasiya amulodipini chifukwa akutupitsa mapazi, ena enalapurilo chifukwa cha kachifuwa kouma kosatha. Abambo ena amasiya poona kuti mphamvu za m'banja zachepa koma amachita manyazi kunena. Enanso amamwa pokhapokha mutu ukawawa, poganiza kuti bipi imamveka m'thupi, chonsecho nthawi zambiri imaononga mtima, ubongo ndi impso mwakachetechete.

Chifukwa chilichonse chili ndi njira yake. Wa chifuwa amamusinthira ku losatani, ndipo awiriwa, enalapurilo ndi losatani, samwedwa pamodzi. Wa msika amagwirizana naye ola lina lomwera wokodzetsa, mwachitsanzo masana ntchito ikamapepuka, malinga si usiku pogona. Pamene zikutheka, mibulu yophatikiza mitundu iwiri kapena itatu mu umodzi imachepetsa kuiwala. Chenjezo limodzi ndi lofunika: munthu amene wakhala osamwa, akamwetsedwa mitundu yonse nthawi imodzi pamaso pa anamwino pofuna kuona ngati ikugwira ntchito, bipi itha kugwa kwambiri mpaka kukomoka. Kuyesa koteroko kumachitika pang'onopang'ono, munthu ali poyang'aniridwa.

M'chikwama cha mayiwa munatulukanso china: burufeni wogula pagolosale, amene amamwa pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha mawondo. Burufeni, dikilofenaki ndi indosidi ndi a banja limodzi. Amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, amafooketsa mphamvu ya enalapurilo ndi HCTZ, ndipo atatuwa akakumana mwa munthu mmodzi impso zimakhala pangozi. Panado ndi amene amasankhidwa m'malo mwake. Enanso okweza bipi ndi puredinisoloni, mankhwala ena otsegula mphuno pa chimfine, mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni, ndi mowa wambiri. Rifampisini, amene ali m'mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya amulodipini ndi nifedipini mofulumira kwambiri, kotero munthu amene bipi yake inali bwino itha kukwera atangoyamba mankhwala a TB.

Mchere nawo uli pomwepo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'buledi, wa pa kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya, timibulu tokometsera ndiwo, ndi soda wa m'therere, amenenso ali ndi sodiyamu. Kafukufuku wamng'ono wa ku Alabama mu 2009, wa anthu 12 okha a bipi yokana mankhwala, anaonetsa kuti atadya chakudya cha mchere wochepa kwambiri kwa sabata imodzi nambala yapamwamba inatsika ndi pafupifupi 23 poyerekeza ndi sabata ya mchere wambiri. Anthu anali ochepa, koma uthenga wake ndi womveka: bipi ya mtundu umenewu imayendera mchere.

Patapita masabata asanu ndi limodzi, mayi athu anabwera ndi kope. Burufeni anasiya, mibulu yonse akumwa, mchere wapambale anachotsa, ndipo mwana wawo anawagulira makina a lamba wamkulu. Yapakatikati ya masiku 6 inali 146/90. Anthu ambiri ulendo wawo ukanathera apa, bipi itatsika popanda m'bulu watsopano. Wa mayiwa sunathere apa. Iyi tsopano ndiyo bipi yokanadi mankhwala.

Chifukwa chake sipironolakitoni

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotulutsa homoni yotchedwa aludositeroni. Ntchito yake ndi kuuza impso kuti zisunge mchere wa sodiyamu, madzi n'kutsatira, ndipo zitaye mchere wina wotchedwa potaziyamu. Mwa anthu ambiri a bipi yokana mankhwala, thupi limakhala litasunga mchere ndi madzi ochuluka ngakhale mapazi asatupe, ndipo aludositeroni ali ndi mbali yaikulu pamenepo. Mwa ena, pafupifupi mmodzi mwa asanu malinga ndi kafukufuku wa m'zipatala za akatswiri, kachiwaloko kamatulutsa homoniyi mopyola muyeso pakokha, matenda amene dokotala Jerome Conn wa ku Michigan anawafotokoza cha m'ma 1955. Chizindikiro chimodzi ndi potaziyamu wotsika m'magazi, ngakhale ambiri odwala matendawa potaziyamu wawo amaoneka bwino. Kumene labotale ingathe kuyeza aludositeroni ndi renini, ndi bwino kutenga magaziwo sipironolakitoni asanayambike, chifukwa amasokoneza zotsatira, komanso chifukwa ena amathandizidwa kwambiri ndi opaleshoni yochotsa kachiwalo kamodzi.

Pa nthawi yomweyi dokotala amafufuzanso zina zobisika. Amapima mkodzo kuti aone ngati muli mapuloteni kapena magazi, zimene zimaloza ku matenda a impso. Amafunsa wa pabanja ngati wodwalayo amaliza mkonono kwambiri n'kumaleka kupuma m'tulo, vuto lofala mwa anthu onenepa limene limakweza bipi usiku wonse.

Sipironolakitoni amatseka malo amene aludositeroni amagwira mu impso. Ndi mankhwala akale, anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1960, ndi otsika mtengo, ndipo m'zipatala za kuno amadziwika kale pothandiza odwala mtima ndi a chiwindi otupa mimba. Umboni woti ndiye woyenera kukhala wachinayi unabwera mu 2015 kuchokera ku Britain, m'kafukufuku wotchedwa PATHWAY-2 amene anatsogolera pulofesa Bryan Williams. Analemba odwala 335 amene bipi yawo inali yokwera ngakhale kunyumba, ali pa mitundu itatu ija. Aliyense ankayenera kumwa zinthu zinayi motsatizana, chilichonse masabata 12, osadziwa kuti chino ndi chiti: sipironolakitoni, bisopurololo wochepetsa kugunda kwa mtima, dokisazosini wofutukula mitsempha, ndi m'bulu wopanda mankhwala. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti munthu ankayerekezedwa ndi iye mwini. Sipironolakitoni, pa mamiligalamu 25 mpaka 50, anatsitsa nambala yapamwamba ya kunyumba ndi pafupifupi 9 kuposa m'bulu wopanda mankhwala, ndi pafupifupi 4 kuposa aliyense wa awiri enawo.

Ena angaone ngati 9 ndi wochepa. Kafukufuku wophatikiza anthu masauzande ambiri anaonetsa kuti kutsitsa nambala yapamwamba ndi 10 kumachepetsa sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kwa mayi amene anaona mchemwali wake akusambitsidwa pamphasa, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Komabe kafukufukuyu anali ndi malire ake. Anthu a impso zofooka kwambiri sanalowemo, ndipo onse amene analowa magazi awo ankayezedwa pafupipafupi. Ndiye phunziro lake siligwira ntchito kumene magazi sakuyezedwa.

Ngozi ya sipironolakitoni ndi potaziyamu. Popeza impso zasiya kumutaya, amatha kuunjikana m'magazi, makamaka mwa munthu amene akumwanso enalapurilo kapena losatani, omwenso amamusunga. Potaziyamu akakwera kwambiri amasokoneza magetsi a mtima, ndipo mtima utha kuima popanda chenjezo lililonse. Nthawi zina munthu amamva kufooka kwa minofu kapena mtima kudumphadumpha, koma nthawi zambiri samva kanthu. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyeza magazi.

Choncho asanayambe amayeza zinthu ziwiri: potaziyamu, ndi kiriyatinini amene amawerengera mphamvu ya impso, nambala imene pa pepala la ku labotale imalembedwa eGFR. Malangizo a bungwe la NICE ku Britain amati sipironolakitoni aganiziridwe ngati potaziyamu ali pa 4.5 kapena kutsikirapo, ndipo magazi ayezedwenso mwezi usanathe. Madokotala ambiri amabwereza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo amasamala kwambiri ngati eGFR ili pansi pa 45. Potaziyamu akadutsa 5.5 mlingo umachepetsedwa kapena mankhwalawo amaimitsidwa, ndipo akafika 6 amasiyidwa tsiku lomwelo, munthu n'kuthandizidwa mwachangu.

Mayi athu potaziyamu wawo anali 4.1, eGFR 72. Anayamba mamiligalamu 25 kamodzi patsiku, m'mawa. Patatha masabata awiri potaziyamu anali 4.6, impso zili momwemo. Mankhwalawa sagwira lero ndi lero, mphamvu yake yonse imaoneka pakapita masabata angapo, choncho dokotala anadikira. Sabata yachisanu ndi chimodzi kope lija linaonetsa 132/82. Panalibe chifukwa chokwezera mlingo kufika 50.

Asanatuluke m'chipinda anauzidwa zinthu zimene aliyense womwa mankhwalawa ayenera kuzisunga pamtima. Akadwala kutsekula m'mimba kapena kusanza, madzi n'kuchepa m'thupi, ayambe aimitsa sipironolakitoni, enalapurilo ndi HCTZ mpaka atayambanso kudya ndi kumwa bwino, ndipo apite kuchipatala, chifukwa ndi nthawi imeneyi pamene impso zimafooka mwadzidzidzi potaziyamu n'kukwera. Burufeni asadzabwerenso. Mchere wa m'sitolo wolembedwa kuti ndi wa odwala bipi asaugule, chifukwa ambiri mwa iwo m'malo mwa sodiyamu anaikamo potaziyamu. Chidulo nacho n'chofunika kuchitchula kwa dokotala, poti phulusa la zomera lili ndi potaziyamu wambiri. Nthochi kapena peyala la apo ndi apo si vuto kwa amene impso zake zili bwino.

Pali chenjezo lina limene likukhudza kwambiri kuno kwathu. Anthu ambiri amene ali pa ma ARV amamwanso bakitirimu tsiku lililonse, ndipo ena amamulandira akadwala chikhodzodzo kapena chifuwa. M'bakitirimu muli mankhwala amene amaletsa impso kutaya potaziyamu. Ku Ontario m'dziko la Canada, kafukufuku wa okalamba omwa sipironolakitoni anapeza kuti amene anapatsidwa bakitirimu ankagonekedwa kwambiri chifukwa cha potaziyamu wokwera, ndipo imfa zadzidzidzi zinali zochuluka poyerekeza ndi amene anapatsidwa amokisilini. Munthu amene amalandira mankhwala ku makiliniki awiri osiyana ayenera kuonetsa mabuku onse kwa aliyense womulembera, kuti asankhe mankhwala ena kapena aziyeza magazi pafupipafupi.

Zovuta zina sizipha koma zimasiyitsa anthu mankhwala. Sipironolakitoni amafooketsanso mahomoni achimuna, kotero abambo ena mawere amakula ndi kuwawa, makamaka mlingo ukakwera kapena akamwa nthawi yaitali. Amayi ena msambo umasokonezeka. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna mwana sayenera kumwa sipironolakitoni, enalapurilo kapena losatani. Bambo amene mawere ayamba kumuvuta asangosiya mwakachetechete: pali epulerenoni, amene amagwira mofanana popanda vuto limeneli ngakhale ndi wodula, ndiponso amiloraidi, amene gulu la PATHWAY-2 linapeza mu 2018 kuti pa mamiligalamu 10 mpaka 20 amatsitsa bipi mofanana ndi sipironolakitoni. Onse awiri amakwezanso potaziyamu, ndiye kuyeza magazi sikutha.

Sipironolakitoni akakanika

Potaziyamu akakhala wokwera kale, kapena wodwala akukhala kutali ndi labotale moti sangayezedwe, dokotala amatembenukira kwa awiri aja amene anatsatira pambuyo. Bisopurololo kapena atenololo amayenera munthu amene mtima wake ukugunda mofulumira kapena anadwalapo mitsempha ya mtima, koma sayenera wa mphumu, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Dokisazosini amatha kuchititsa chizungulire munthu akaimirira, choncho amayambidwa pang'ono, ndipo amathandizanso abambo ovutika pokodza chifukwa cha purositeti. Haidiralazini ndi metilidopa akadalipo, koma amamwedwa kangapo patsiku ndipo aliyense ali ndi zovuta zake: woyamba amathamangitsa mtima ndi kusungitsa madzi, wachiwiri amagonetsa.

Nthawi zina yankho lili pa wokodzetsa yemwe uja. Kilotalidoni ndi indapamaidi amakhalitsa m'thupi kuposa HCTZ, ndipo madokotala ambiri amasinthira kwa iwo asanaganize n'komwe za m'bulu wachinayi. Kwa a impso zofooka kwambiri, amene sipironolakitoni ndi woopsa kwa iwo, kafukufuku wa CLICK wa ku Indianapolis mu 2021 anaonetsa kuti kilotalidoni anatsitsa nambala yapamwamba ndi pafupifupi 11 mwa anthu a eGFR ya pakati pa 15 ndi 29. Ndipo m'pofunika kuonanso ngati mitundu itatu yoyambayo inasankhidwa bwino. Kafukufuku wa CREOLE wa mu 2019, amene anachitika m'maiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa motsogozedwa ndi dokotala Dike Ojji wa ku Nigeria, anapeza kuti mwa anthu akuda mitundu iwiri yokhala ndi amulodipini inkatsitsa bipi kuposa iwiri yopanda amulodipini. Munthu amene ali pa mibulu itatu koma mulibe amulodipini kapena mnzake wa banja lomwelo sanayesedwe mokwanira.

Kumaiko olemera kwabwera zatsopano, monga apurositentani amene anavomerezedwa ku America mu 2024, ndi njira yolowetsa kachubu m'mitsempha ya impso n'kuwotcha minyewa yake. Mitengo yake ili kutali ndi wodwala wamba wa kuno, ndipo nazonso zimabwera pambuyo pa zonse zafotokozedwazi.

Zonsezi ndi za bipi yofufuzidwa modekha, kwa masabata. Nambala ikafika 180/120 kapena kupitirira, pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kusokonezeka mutu, kupotoka kamwa kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, imeneyo ndi ngozi ya ola lomwelo, yopita nayo kuchipatala osadikira tsiku la kiliniki.

Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi bipi yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Pamene anthu oyezetsa ndi oyamba mankhwala akuchuluka, mabuku ngati la mayi wa kaunjika uja azichulukanso. Kwa inu amene muli pa mibulu itatu koma nambala siikutsika, ulendo wotsatira wa kuchipatala mutenge timapepala tonse ta mankhwala tili m'nyumba, a pagolosale ndi azitsamba omwe, munene zoona za masiku amene simumwa, ndipo mupemphe kuti akuyezeni mutapuma, ndi lamba wa msinkhu wa mkono wanu. Akakulemberani sipironolakitoni, musatuluke m'chipindamo musanauzidwe tsiku lodzayezetsa potaziyamu.